Mapu a pa foni pa msewu wa ku Rufunsa: mafunso ndi mayankho

Aliyense wochokera ku Lusaka kupita ku Rufunsa amadalira msewu waukulu umodzi, Great East Road, umene pa mapu umalembedwa T4. Umadutsa ku Chongwe ndi ku Chinyunyu, kufika pa Rufunsa patatha makilomita oposa 150, kenako n'kukhotakhota m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa, pafupifupi makilomita 230 kuchokera mu mzinda. Madalaivala, amalonda ndi anthu operekeza odwala ayamba kudalira Google Maps pa msewu umenewu, koma pulogalamuyi imawonetsa zonse m'Chingerezi, ndipo m'mapirimo netiweki imabwera n'kuchoka. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri. Mawu a pa sikirini tawalemba monga momwe mudzawaonere pa foni ya Android.

Chingerezi changa ndi chochepa. Kodi ndingathe kuyenda ndi mapu amenewa?

Mungathe, chifukwa mawu ofunika pa ulendo ndi ochepa ndipo amabwerezabwereza. Mukalemba dzina la malo m'kabokosi ka pamwamba, pansi pamatuluka batani lolembedwa "Directions". Limeneli ndilo lofunsira njira. Mukalidina mumaona timabokosi tiwiri: ka pamwamba ndi kochokera, ka m'munsi ndi kopita. Mukaona mawu akuti "Your location" m'kabokosi ka pamwamba, ndiye kuti foni ikuwerengera kuchokera pamene mwaimapo. Pambuyo pake pali tizithunzi ta galimoto, basi ndi munthu woyenda pansi, ndipo muyenera kuonetsetsa kuti mwadina ka galimoto. Ambiri amadabwa foni itawauza kuti ku Lusaka akafika patatha tsiku ndi maola angapo, osadziwa kuti chala chawo chinagunda kamunthu koyenda pansi.

Batani la "Start" ndilo loyambira ulendo, ndipo likadinidwa foni imayamba kulankhula. Nthawi zina m'malo mwake mumapeza "Preview". Apa palibe chawonongeka. Foni ikungosonyeza kuti malo ochokera amene mwalemba si pamene inu muli, choncho ikhoza kungokuonetsani njirayo koma singakutsogolereni. Pa mndandanda wa zilankhulo za pulogalamuyi mulibe Chinyanja kapena Chisoli, ndiye musataye nthawi kuchifunafuna. Chofunika kuchiona ndi muyeso wa mtunda. Ngati pambuyo pa nambala palembedwa "mi" m'malo mwa "km", foni ikuwerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Zimenezi zimasinthidwa mu "Settings", pa "Distance units".

Pamatuluka mizere iwiri kapena itatu. Ndisankhe uti?

Mzere wa buluu wowala ndi njira imene foni yakusankhirani, ndipo mizere yotuwirako ndi njira zina zimene mungadine ngati mukuzifuna. Pa mzere uliwonse pamakhala nthawi. Mawu akuti "Fastest route" akutanthauza njira yachangu kuposa zonse, "slower" ndi yochedwerapo, pamene "Tolls" akukuchenjezani kuti m'njiramo muli tologeti. Mbali ya mzere ikasanduka yofiira kapena yachikasu, pamenepo magalimoto akuyenda pang'onopang'ono.

Mu Lusaka mizere imeneyi ndi yothandiza, chifukwa misewu ya phula ndi yambiri ndipo munthu akhoza kuzemba mdipiti wa magalimoto. Koma mukangodutsa Chongwe nkhani imasintha. Njira yoona yopita kummawa ndi T4, ndipo mzere wina uliwonse wochoka mu T4 n'kudzabwereramo patsogolo muziukayikira. Musanadine "Start", tambasulani mapu ndi zala ziwiri, muulondole mzerewo ndi maso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati chizindikiro cha T4 chikuonekabe pa mzerewo, muli bwino. Ngati mzere walowa m'kanjira kopyapyala kopanda dzina, funsani kaye chifukwa chake, ndipo kawirikawiri chifukwacho chimapezeka pa funso lotsatirali.

Nanga "Avoid tolls" ili pati, ndipo imachita chiyani?

Mukafunsa njira ya galimoto, yang'anani timadontho titatu pakona ya kumanja, kapena kachizindikiro ka timizere tokhala ndi timfundo. Mukadina mupeza "Options", pa mafoni ena "Route options" kapena "Trip options", malinga ndi nthawi imene pulogalamu yanu inakonzedwanso komaliza. M'katimo muli mizere itatu yoyamba ndi liwu limodzi: "Avoid tolls", "Avoid highways" ndi "Avoid ferries". Liwu lakuti "Avoid" ndi kupewa. Woyambawo ukuuza foni kuti ipewe misewu yolipiritsa, wachiwiri misewu ikuluikulu ya liwiro, wachitatu mapantuni owolotsa magalimoto pa mtsinje. Mzere wachiwiriwo pa mafoni ena umalembedwa "Avoid motorways". Zomwezi zimapezekanso mu "Settings", pansi pa "Navigation".

Kabatani ka kumapeto kwa mzere kakakhala ndi mtundu, ndiye kuti kayatsidwa. Kakakhala kotuwa, n'kozimitsa. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ena amaganiza kuti kuyatsa "Avoid tolls" ndi kuuza foni kuti iwasonyeze pamene pali matologeti, ena kuti ndi njira yolipirira pa foni. Zonsezi si zoona. Batanili sililipira kanthu, ndipo silichotsera munthu mtengo wa pa geti. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kusintha mzere wa buluu kuti ulambalale geti, ngakhale njira yolambalalayo ikhale yaitali kapena yoipa.

Dziwaninso kuti kabatani kameneka kakhoza kukhalabe koyaka mpaka ulendo wina. Mwana kapena mnzanu akakayatsa lero, foni idzakusankhirani njira zachilendo mwezi wamawa inu osadziwa chimene chayambitsa. Mukaona mawu akuti "Avoiding tolls" pafupi ndi njira imene mwapatsidwa, bwererani mukazimitse.

Koma ndikakayatsa sindipulumutsa ndalama?

Pa msewu uwu, ayi, ndipo tiyeni tiwerengere limodzi. Wochokera ku Rufunsa kupita ku Lusaka amakumana ndi tologeti ya Chongwe, pakati pa tawuni ya Chongwe ndi mzinda. Wopita kummawa akawoloka Luangwa amapeza geti ya Alexander Grey Zulu m'dera la Nyimba, ndi ya Reuben Chitandika Kamanga cha ku Katete. Ndalamazo amatolera ndi a National Road Fund Agency. Kwa zaka zingapo galimoto yaing'ono yakhala ikulipira K20 pa geti imodzi, ndipo zazikulu zimalipira zambiri malinga ndi kukula kwake. Mitengo imasintha, choncho mtengo woona ndi umene walembedwa pa chikwangwani cha pa geti tsiku limenelo.

Tsopano tiyerekeze kuti foni yakupezerani njira yolambalala geti ya Chongwe, yodzera m'misewu ya m'mafamu, ndipo ikuwonjezera makilomita 20. Tinene kuti galimoto yanu imayenda makilomita 10 pa lita imodzi. Makilomita owonjezerawo adya malita awiri. M'zaka zaposachedwapa lita imodzi yokha ya petulo yakhala ikudula kuposa K20, ndiye mwawononga ndalama zoposa kawiri zimene mumafuna kusunga. Apo sitinawerengere kuti pa msewu wafumbi mumayenda ndi giya yaing'ono imene imamwa mafuta ambiri, sitinawerengere matayala, masipuling'i ndi nthawi. Amene wanyamula tomato kapena mazira opita nawo ku msika wa Soweto akudziwa chimene mabampu amachita ndi katundu wotere.

Mukhoza kudziyesera nokha pa ulendo uliwonse. Funsani njira kabatani kali kozimitsa, mulembe makilomita ndi nthawi. Kayatseni, mulembenso. Kusiyana kwa makilomita mukugawe ndi makilomita amene galimoto yanu imayenda pa lita, kenako muchulukitse ndi mtengo wa lita. Chimene mwapezacho muchiyerekeze ndi mtengo wa geti. Batanili linapangidwira malo amene msewu wolipira uli ndi mnzake wa phula woyenda nawo limodzi. Ku Rufunsa T4 ilibe mnzake wotere, ndipo maganizo anga ndi akuti kabatani kameneka kazikhala kozimitsa nthawi zonse.

Ndinakayatsa koma foni ikundidutsitsabe pa geti. Kodi yawonongeka?

Sinawonongeke. Batanili ndi pempho chabe. Ngati foni sikudziwa njira ina yofikira kumene mukupita, imakubwezerani msewu wa geti womwewo. Mwinanso getiyo sinalembedwe m'mapu ngati malo olipira, makamaka ikakhala yatsopano, ndiye foni siiona n'komwe. Pa chifukwa chomwechi, musaganize kuti m'njira mulibe geti poti liwu la "Tolls" silinatuluke. Nyamulani ndalama ya geti kapena khadi lolipirira musananyamuke.

Kodi pali batani louza foni kuti ipewe misewu yafumbi?

Mu Google Maps mulibe, ndipo kwa anthu a ku Rufunsa limeneli ndilo likanakhala lofunika kuposa atatu aja. Pulogalamuyi ikhoza kujambula msewu wa phula ndi kanjira ka ngolo ndi mzere wa buluu wofanana. Sidziwa kuti kamtsinje kamene kanali kouma mu Okutobala kadzaza mu Januwale, kapena kuti kamlatho kanakokoloka ndi mvula ya chaka chatha. Njira zolowera m'madera a mafumu Shikabeta, Mpanshya ndi Bunda Bunda zimasintha ndi nyengo, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo wodziwa bwino za njirayo ndi munthu amene wadutsamo dzulo.

"Avoid highways" si yankho la vutoli, ndipo ikhoza kulikulitsa. Ntchito yake ndi kukuchotsani mu msewu waukulu, pamene inu mukufuna kukhalamo. Isiyeni yozimitsa.

Pali mapulogalamu ena, monga Organic Maps ndi OsmAnd, amene amatenga mapu awo ku OpenStreetMap, mapu ojambulidwa ndi anthu odzipereka. Amenewa ali ndi mzere wopewera misewu yopanda phula, wokhala ndi liwu lakuti "unpaved". Komabe amangodziwa zimene wina analembamo. Msewu umene palibe anaulemba kuti ndi wafumbi adzakudutsitsanimo ndithu.

Netiweki ikatha m'mapiri, kodi foni imadziwabe pamene ndili?

Imadziwa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kadontho ka buluu kosonyeza pamene muli pa mapu kamayenda ndi bandulo, koma si choncho. Kadonthoko kamachokera ku GPS, ndiko kuti foni imamvetsera zizindikiro zochokera ku masetilaiti a kumwamba n'kuwerengera yokha pamene ili. Sikafuna bandulo, sikafuna mayunitsi, sikafuna ngakhale simu khadi. Chimene chimafunika ndi kuyatsa "Location" pa foni, ndi thambo loonekera. N'chifukwa chake foni imagwira bwino ikakhala pafupi ndi galasi la kutsogolo kusiyana ndi ikakhala m'thumba kapena pansi pa mpando.

Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha pansi pa kadonthoko: misewu, mayina a malo, ndi kuwerengera njira. Netiweki ikatha musanatsitse mapu, mumaona kadontho kakuyandama pa sikirini yopanda kanthu. Foni ikudziwa pamene muli koma ilibe pokuonetsani.

Ena amati, ine ndinayamba ulendo ku Lusaka netiweki ilipo ndipo foni inanditsogolera mpaka ku Luangwa osatsitsa kanthu. Zimachitika, chifukwa mukadina "Start" foni imasungako njira imene mwasankhayo. Vuto limabwera mukaphonya mphambano, mukapatuka kukasiya munthu, kapena foni ikazima n'kuyakanso cha ku Manenekela. Pamenepo pamafunika kuwerengera njira yatsopano, mawu akuti "Rerouting" amangozungulira, ndipo palibe chotuluka. Kadontho kakasanduka kotuwa, kapena kakazunguliridwa ndi bwalo lalikulu lotumbululuka, foni sinatsimikize pamene muli. Popanda netiweki imachedwa kupeza masetilaiti koyamba, ndiye imani panja poyera muipatse mphindi zingapo.

Ndingatsitse bwanji mapu kuti azigwira popanda netiweki?

Titenge ulendo weniweni. Mukuchoka ku Lusaka mawa m'mawa kukaona wodwala ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya, chakummawa kwa Rufunsa. Ntchito yotsitsa muichite lero, muli pamalo pamene intaneti ndi yamphamvu, batire ili yodzaza.

Tsegulani Google Maps, mudine kabwalo ka pakona ya kumanja pamwamba, kamene kali ndi chithunzi chanu kapena chilembo choyamba cha dzina lanu. Pa mndandanda umene watuluka sankhani "Offline maps", kenako "Select your own map". Mudzaona mapu ali m'kati mwa bokosi la mzere wa buluu. Lamulo lake ndi ili: zimene zili m'kati mwa bokosi ndizo zidzasungidwe mu foni, za kunja kwake ayi. Bokosilo silisuntha. Chimene mumasuntha ndi mapu a pansi pake, powakoka ndi chala chimodzi, ndipo mukawatsina ndi zala ziwiri dera lalikulu limalowa m'bokosimo.

Cholakwika chofala ndi kutsitsa malo opitako okha. Munthu amalemba Rufunsa, bokosi n'kuzungulira kadera kakang'ono ka pa boma, iye n'kudina "Download" n'kuyesa kuti wamaliza. Komatu foni imatha kukutsogolerani popanda netiweki pokhapokha njira yonse, kuyambira pochokera mpaka pofikira, ili m'kati mwa mapu otsitsidwa. Pakatsala mpata wa makilomita ochepa cha ku Chinyunyu, unyolo waduka.

Palinso vuto la maonekedwe a bokosi. Foni ikaima chilili, bokosilo ndi lalitali kuchokera pamwamba kupita pansi, pamene msewu wathu ukuyenda chopingasa, kuchokera kumadzulo kupita kummawa. Ndiponso bokosi lili ndi malire, silikula mpaka kalekale. Njira yosavuta ndi kutsitsa mabokosi awiri. Loyamba litenge Lusaka, Chongwe ndi Chinyunyu. Lachiwiri liyambire kumadzulo kwa Chinyunyu, litenge Rufunsa ndi Mpanshya mpaka kuseri kwa mlatho wa Luangwa. Chinyunyu ipezeke m'mabokosi onse awiri, kuti alumikizane ngati malata a denga amene lina limakwera pa linzake. Musapanikize msewu m'mphepete mwa bokosi. Siyani malo kumpoto ndi kummwera kwake, chifukwa midzi ndi zipatala zili mopatuka.

Mukakhutira dinani "Download", mudikire mpaka nambala yowerengera ifike 100 foni isanachoke pa intaneti. Mapu aliwonse amatuluka ndi dzina lopanda tanthauzo, monga "Map 1". Dinani timadontho titatu pambali pake, musankhe "Rename", mulembe nokha dzina monga Lusaka mpaka Chinyunyu. Patapita miyezi mudzadziwa kuti awa ndi ati. Samalani pa mndandanda umenewu, chifukwa "Delete" ndi kufufuta.

Wopitirira mpaka ku Chipata kapena kuwoloka pa Mwami kulowa ku Mchinji angowonjezera mabokosi mwa njira yomweyi, ndipo a tsidya la Malawi awatsitsiretu asanawoloke, bandulo ya ku Zambia ikadali kugwira.

Zidya bandulo yochuluka bwanji? Nanga bwanji yanga ikungokana kutsitsa?

Musanadine "Download", pansi pa bokosi pamalembedwa kukula kwa mapuwo mu MB, pamodzi ndi malo amene atsala mu foni yanu. Nambalayo imasintha mukamasuntha mapu, ndipo muona kuti chimene chimaikweza ndi kuchuluka kwa misewu ndi nyumba, osati kukula kwa dera kokha. Bokosi lokhala ndi Lusaka limalemera kuposa bokosi lofanana nalo la mapiri a Rufunsa. Ngati bandulo ndi yochepa, yambani ndi bokosi la kummawa, kumene netiweki imavuta.

Kukana kutsitsa nthawi zambiri kumachokera pa zinthu ziwiri. Choyamba, pulogalamuyi ikhoza kukhala kuti inaikidwa kuti izitsitsa pa wayifayi pokha. Pa tsamba la "Offline maps" dinani kachizindikiro konga giya pakona, mupeze "Download preferences". Ngati pasankhidwa "Over Wi-Fi only", foni idzadikira wayifayi ngakhale muli ndi bandulo yokwanira. Sankhani "Over Wi-Fi or mobile network", mutsitse, ndipo mukamaliza mubwezere pakale kuti isamadye bandulo mwakachetechete podzikonzanso. Chachiwiri ndi foni yodzaza ndi mavidiyo ndi zithunzi. Fufutani zina, kapena ngati muli ndi memore khadi, pa tsamba lomwelo pali "Storage preferences" pamene mungasankhe "SD card".

Ndafufuza paliponse koma "Offline maps" mulibe mu foni yanga. Chifukwa chiyani?

Onani dzina la pulogalamuyo bwinobwino. Mafoni ena otsika mtengo amabwera ndi Google Maps Go, mtundu wopepuka umene unapangidwira mafoni a memore yochepa. Umafanana ndi unzake pa maso, koma sutsitsa mapu. Ngati foni ingakwanitse, ikani Google Maps yathunthu kuchokera ku Play Store. Ngati singakwanitse, yesani Organic Maps, imene ndi yaulere ndipo inapangidwa kuti izigwira ntchito popanda intaneti mukangotsitsa mapu a Zambia kamodzi.

Ndidziwa bwanji kuti mapu atsikadi ndisananyamuke?

Ayeseni muli pakhomo. Yatsani "Airplane mode", pa mafoni ena "Flight mode", kachizindikiro ka ndege kaja, muonetsetsenso kuti wayifayi yazima koma "Location" ndi yoyaka. Tsegulani mapu, mulembe kumene mukupita, mudine "Directions". Mzere wa buluu ukatuluka kuchokera pamene muli mpaka kofikira, ntchito yatheka. Ukapanda kutuluka, pali mpata pakati pa mabokosi, kapena malo amodzi ali kunja. Kokani mapu motsata T4 mukuyang'ana pamene misewu ing'onoing'ono ndi mayina zikuzimiririka, pamenepo ndipo pofunika bokosi lina. Kuyesaku kumatenga mphindi ziwiri, ndipo ndi bwino kupeza vutolo ku Lusaka kusiyana ndi kulipeza usiku pa mphambano ya ku Mpanshya. Mukamaliza musaiwale kuzimitsa kandege kaja, kuopa kuti abale angakusoweni pa foni.

Kodi mapu otsitsa amachita zonse zimene a pa intaneti amachita?

Ayi. Amakupatsani njira ya galimoto, kufufuza malo amene ali m'bokosi, ndi mawu okutsogolerani. Sakupatsani njira ya woyenda pansi, ya njinga yakapalasa kapena ya basi. Sakuonetsani mitundu ija ya kuchuluka kwa magalimoto, ndiponso sakupatsani mizere ina yoti musankhepo. Choncho zonse za "Route options" muzikonzeretu netiweki ikadalipo, osayembekeza kukazisintha m'mapiri. Ngati thiraki yagwa pa phiri n'kutseka msewu, mapu otsitsa sangadziwe.

Amathanso ntchito ikakwana nthawi yake. Pansi pa dzina la mapu aliwonse pali tsiku lotsatana ndi liwu lakuti "Expires". Pakatsala masiku 15 kapena ocheperapo, pulogalamuyi imayesa kuwakonzanso yokha foni ikakhala pa wayifayi. Foni imene siona wayifayi kwa miyezi singachite zimenezi, ndiye mukapita ku tawuni dinani nokha "Update".

Mudzi wathu sutuluka ndikalemba dzina lake. Mlendo ndimulondolera bwanji?

Midzi yambiri sinalembedwe m'mapu, ndipo ina inalembedwa ndi kalembedwe kosiyana ndi kamene eni ake amatchulira. Palinso mayina opezeka m'maboma angapo. Ngakhale dzina lakuti Luangwa likhoza kukusokeretsani: pali mlatho wa pa T4, pali tawuni ya Luangwa imene akale ankati Feira, kumene mtsinjewo umathira mu Zambezi, ndiponso pali malo osungira nyama a South Luangwa cha ku Mfuwe. Malo atatuwa ndi otalikirana kwambiri. Musanadine "Start", onani makilomita ngati akugwirizana ndi zimene mukudziwa.

Mudzi wopanda dzina pa mapu umalondoleredwa ndi manambala. Muli pakhomo, dinani pa mapu pambali penipeni pa kadontho ka buluu, musachotse chala mpaka patatuluka kachikhomo kofiira ndi mawu akuti "Dropped pin". Mudzaona manambala awiri olekanitsidwa ndi koma. M'madera ambiri a Rufunsa yoyamba imayamba ndi -14 kapena -15, yachiwiri ndi 29 kapena 30. Manambalawa mukhoza kuwatumiza pa meseji wamba, ndipo mlendo awalembe m'kabokosi kofufuzira monga momwe alili, kenako adine "Save" akadali ndi netiweki. Kamzere ka kutsogolo kwa nambala yoyamba kasasiyidwe. Kakutanthauza kuti malowo ali kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo kakasowa foni imaloza ku Sudan.

Chikhomo chimodzi sichikwanira ngati mudzi uli kutali ndi phula. Tumizani ziwiri: cha pamphambano popatukira mu T4, ndi cha pakhomo. Foni imufikitse mlendo pa mphambano, kuchokera apo atsate mawu anu, monga akuti akadutsa sukulu akhotere kumanzere pa mjigo.

Foni ikunena kuti ndifika pa ola lakuti. Ndiikhulupirire?

Muitenge ngati nthawi ya galimoto yaing'ono yoyenda osaima. Kenta yodzaza matumba a chimanga kapena malasha singakwere mapiri a Rufunsa pa liwiro limenelo, ndipo wotsatira thiraki pa makhotakhota alibe podutsira kwa mtunda wautali. Foni siwerengera kuima pa malo a apolisi, kutsitsa anthu, kapena kugula nsomba pa msika wa pa mlatho. Popanda netiweki kuwerengera kwake kumakhala kongoyerekeza kwambiri. Onjezani nthawi yanu pamwamba, makamaka ngati mukufuna kutuluka m'mapiri kusanade.

Kumbukiraninso batire. Sikirini yoyaka ndi GPS zimamaliza moto msanga, ndipo foni yosakasaka netiweki imene kulibe imamaliza msanga koposa. Ngati mapu anatsitsidwa bwino, mukhoza kuyatsa kandege kaja m'dera lopanda netiweki, kadontho kadzayendabe. Nyamulani chaja ya m'galimoto, ndipo foni aziigwira amene wakhala pambali panu, inu manja ali pa chiwongolero. Musananyamuke ku Lusaka kapena ku Chongwe, onani zinthu zitatu: "Avoid tolls" ndi "Avoid highways" n'zozimitsa, mabokosi awiri aja alimo ndipo mwawayesa, ndalama ya geti ili m'thumba.